Njira zitatu zofunsira funso m'Chifalansa

Funso limodzi lomwelo m'Chifalansa lingafunsidwe m'njira zitatu: pokweza mawu kumapeto kwa chiganizo, poyamba ndi est-ce que, kapena potembenuza mneni ndi mwininkhani. Tanthauzo silisintha. Chimene chimasintha ndi mmene wofunsayo akumvekera kwa amene akufunsidwa, kaya ngati mnzake wocheza naye, ngati mlendo waulemu, kapena ngati munthu amene akulemba kalata ya ku ofesi. Kuti kusiyanaku kuoneke bwino, tingatenge munthu amene ali pa siteshoni ya sitima mumzinda wa Paris, ndipo akufuna kudziwa ngati sitimayo imaima ku Dijon.

Njira yoyamba ndi yosavuta kuposa zonse. Chiganizo choti sitima imaima ku Dijon ndi Le train s'arrête à Dijon. Pochinena ngati uthenga chabe, mawu amatsika pothera pake. Pofuna kuti chikhale funso, palibe liwu limene limasuntha, koma mawu amakwera pa chigawo chomaliza cha Dijon. Polemba, chimene chimasonyeza funsolo ndi chizindikiro chokha, ndipo ku France amasiya kampata chizindikirocho chisanalembedwe: Le train s'arrête à Dijon ? Umu ndi mmene Afalansa amafunsirana tsiku ndi tsiku, kunyumba, kumsika ndi pa foni. Ophunzira ena amaiopa njirayi poganiza kuti ndi yamwano, koma sizili choncho. Ulemu wa m'Chifalansa umagona kwambiri pa kusankha pakati pa tu ndi vous, monga mmene iwe amasiyanirana ndi inu, komanso pa kuyamba ndi moni. Munthu amene wati Bonjour madame, vous avez l'heure ? pofunsa nthawi kwa mayi wosamudziwa sanalakwe kanthu. Vuto la njirayi lili pakamwa: mawu akapanda kukwera mokwanira, womverayo amangogwedeza mutu poyesa kuti akuuzidwa nkhani, ndipo yankho silibwera.

Njira yachiwiri imachotsa vuto limenelo. Est-ce que amaikidwa kutsogolo, ndipo chiganizo chonse chimatsatira mmene chinalili: Est-ce que le train s'arrête à Dijon ? Wolankhula Chichewa sangavutike nayo, chifukwa ntchito yake ndi yofanana ndi ya kodi: imadziwitsa womvera kuyambira pachiyambi pomwe kuti kukubwera funso. Ngakhale amalembedwa ngati mawu atatu, potchula amamveka mwachidule ngati "eske". Liwu lotsatira likayamba ndi lembo la liwu, que amafupika kukhala qu', n'chifukwa chake amalemba Est-ce qu'il vient ? pofunsa ngati munthu akubwera. Njirayi ili pakatikati. Sidabwitsa mnzako, sikhumudwitsa wamkulu, ndipo imagwira ndi mneni aliyense. Wophunzira amene wakayika pakati pa zokambirana amachita bwino kuthawira kumeneku. Pamene imalemera ndi m'zolemba zapamwamba, chifukwa ikabwerezedwa kangapo m'kalata imodzi imamveka ngati zolankhula zongokopedwa papepala.

Njira yachitatu ndi imene ili ndi malamulo ambiri, ndipo ndi imene imagwetsa ophunzira. Mneni amatsogola, mlowam'malo wa dzina n'kubwera pambuyo, ndipo ziwirizi zimalumikizidwa ndi kamzere. Vous parlez français amasanduka Parlez-vous français ? Mneni akakhala wa mawu awiri, monga ponena za zimene zinachitika kale, mlowam'maloyo amalowa pakati: Avez-vous vu le film ? Mpaka apa zinthu ndi zolunjika. Koma mneni akathera ndi lembo la liwu, ndipo motsatira pakubwera il, elle kapena on, pamalowetsedwa t wopanda tanthauzo lililonse, wongothandiza katchulidwe: Parle-t-il français ? kapena A-t-elle un billet ? Mneni wothera kale ndi t kapena d safuna kuwonjezera kanthu, motero amalemba Vient-il ? ndi Prend-elle le train ?, ndipo d ameneyu amatchulidwa ngati t.

Funso la sitima lija limaonetsa lamulo lina. Mwininkhani wake ndi dzina, le train, osati mlowam'malo. Mu funso lofuna inde kapena ayi, dzina silingaponyedwe kumbuyo kwa mneni. Limakhala pamalo pake, kenako mlowam'malo wogwirizana nalo amawonjezedwa pambuyo pa mneni: Le train s'arrête-t-il à Dijon ? Dzina likanakhala lachikazi, monga la voiture, pakanabwera elle. Chiganizo chotere n'chokongola papepala, ndipo n'choyenera m'kalata yopita ku kampani, m'nyuzipepala, m'mayeso olemba kapena pa zokamba za pa msonkhano. Koma kuchinena kwa mnzako wokhala naye pampando m'sitima kumamveka ngati munthu akuwerenga buku mokweza.

Ndi je, kutembenuza kumatheka pa aneni ochepa okha, monga suis-je, ai-je, dois-je ndi puis-je. Womalizayu ndi wofunika kumusunga pamtima, chifukwa je peux satembenuka kukhala peux-je, koma puis-je: Puis-je vous aider ? ndi mmene wogwira ntchito pa hotela kapena m'sitolo yapamwamba angafunsire ngati angathandize. Kwa aneni enawo, est-ce que je ndiye njira yake. Palinso mafunso angapo otembenuzidwa amene anazolowereka kwambiri moti samveka apamwamba ayi, monga Comment allez-vous ? ndi Quelle heure est-il ?

Masitepe atatu omwewa amaonekanso m'mafunso ofuna kudziwa malo, nthawi kapena chinthu. Pocheza, liwu lofunsira limapita kumapeto, monganso m'Chichewa amanenera kuti "ukupita kuti?": Tu vas où ? Mwapakatikati amati Où est-ce que tu vas ? Mwapamwamba amati Où vas-tu ? Liwu lofunsa kuti chiyani limasintha maonekedwe malinga ndi pamene laima. Kumapeto ndi quoi, kutsogolo ndi que, motero pali Tu fais quoi ?, Qu'est-ce que tu fais ? ndi Que fais-tu ? Ndi mawu monga où ndi quand, dzina likhoza kutsatira mneni mwachindunji, ngati Où habite Marie ?, koma pourquoi salola zimenezi. Pamenepo pamafunika Pourquoi Marie part-elle ? kapena Pourquoi est-ce que Marie part ?

Zolakwa ziwiri zimabwerabwera m'makope a ophunzira. Choyamba ndi kuphatikiza njira ziwiri m'chiganizo chimodzi, monga kulemba Est-ce que parlez-vous français ? Est-ce que mwiniwake ndi c'est que wotembenuzidwa, choncho ntchito yotembenuza inachitika kale ndipo siyenera kubwerezedwa. Chachiwiri ndi kulowetsa mawonekedwe a funso m'chiganizo chimene chikungofotokoza za funsolo. Ponena kuti munthu sakudziwa kumene mnzake amakhala, Chifalansa chovomerezeka chimati Je ne sais pas où il habite, popanda kutembenuza ndiponso popanda est-ce que. Funso la inde kapena ayi limalowa ndi si, monga Je demande si le train s'arrête à Dijon, pamene qu'est-ce que amasanduka ce que: Je ne sais pas ce que tu fais.