Ntchito ya khutu poyeza kadyedwe ka wodwala mu wodi

Katswiri wa kadyedwe akafika pa bedi la wodwala amafufuza zinthu zinayi: miyezo ya thupi, zotsatira za magazi, zizindikiro zooneka pathupi, ndi zimene wodwalayo wakhala akudya. Zitatu zoyambazo zimapezeka pa sikelo, pa tepi ndi m'fayilo. Chachinayi chimatuluka pakamwa pa wodwala, ndipo ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwira. Nkhani yaifupi yachitsanzo ya wophunzira wina pa tsiku lake loyamba mu wodi ya amayi ikusonyeza mmene zimenezi zimachitikira.

Wophunzirayo anapatsidwa mayi wa zaka 62 amene ankamwa mankhwala a chifuwa chachikulu. Anayamba ndi miyezo. Mayiyo ankalemera makilogalamu 42 ndipo kutalika kwawo kunali mamita 1.58. Pogawa kulemerako ndi kutalika kochulukitsidwa ndi kutalika komweko, anapeza 16.8, nambala imene achipatala amaitcha BMI. Munthu wamkulu akatsika pansi pa 18.5 ndiye kuti ndi wowonda mopitirira. Buku lawo la kuchipatala linkasonyeza kuti miyezi 5 m'mbuyomo ankalemera makilogalamu 49, kutanthauza kuti anataya pafupifupi magawo 14 pa 100 alionse a kulemera kwawo. Kutsika kopitirira magawo 10 m'miyezi 6 ndi chenjezo lalikulu. Anadinanso chala pamwamba pa phazi kuti aone ngati pali kutupa, chifukwa madzi odzaza m'thupi amabisa kuwonda. Sipanatsale chibowo, choncho sikelo inkanena zoona.

Miyezo inaonetsa kuti vuto lilipo koma sinanene gwero lake. Apa wophunzirayo anatenga pepala la mafunso, ataimirira, maso ali pa cholembera. “Mumadya katatu pa tsiku?” Anayankha kuti eya. “Ndiwo zamasamba mumadya?” Eya. “Chilakolako cha chakudya chilipo?” Chilipo. Mafunso oterewa amamuuziratu munthu yankho loyenera, ndipo mayi wachikulire amene wagona pamaso pa wovala zoyera safuna kuoneka wovuta kapena wosowa. Chizindikiro chakuti kufunsako kwasokonekera n'chosavuta kuona: mayankho onse ndi abwino pamene thupi likutha. Pa tebulo la pambali panalinso mbale ya nsima ya masana yongotsinidwa pang'ono.

Womuyang'anira pa ntchitoyo anamubweza ndi malangizo atatu: akhale pansi, afunse funso limodzi lotseguka, ndipo adikire. Njira imeneyi ndi yokumbutsa wodwala zonse zimene wadya ndi kumwa m'maola 24 apitawo, kuyambira podzuka mpaka pogona, ndipo kuchuluka kwake kumayerekezedwa ndi zinthu zodziwika monga kapu, chipande kapena mtanda wa nsima. Wophunzirayo anakoka mpando nati, “Agogo, tandiuzani, dzulo mutadzuka munalawa chiyani?” Panapita kanthawi osayankha, iye sanadzazepo mawu. Kenako mayiyo ananena kuti anamwa theka la kapu ya phala, masana anatsina nsima kawiri n'kusiya, madzulo anangomwa tiyi. “Chinakulepheretsani n'chiyani?” Anati m'kamwa mukuwawa ndipo ndiwo zamchere zimawatentha pomeza. Anawonjeza kuti zotsalazo amapatsa mdzukulu wawo amene akuwadikirira, chifukwa mwanayo alibe chakudya kugadiyani.

Atawapempha kuti ayasamule, anaona zoyera pa lilime ndi mkati mwa masaya, chizindikiro cha matenda a fangasi a m'kamwa amene amagwira kwambiri anthu amene chitetezo cha thupi chatsika. Zimenezi zinasintha dongosolo lonse. Langizo loti adye magulu 6 a zakudya, limene analikonza poyamba, silikanathandiza munthu amene kumeza kumamuwawa. M'malo mwake anauza dokotala kuti aone m'kamwamo ndi kupereka mankhwala. Anakonza zakudya zofewa, zosatentha kwambiri komanso zopanda tsabola: likuni phala lothira nsinjiro ndi supuni ya mafuta ophikira, dzira lophwanya, nthochi yakupsa ndi mkaka, pang'onopang'ono ka 5 kapena ka 6 pa tsiku. Nkhani ya mdzukuluyo anaipereka kwa namwino woyang'anira wodi, ndipo analemba kuti mayiyo azikwera sikelo sabata iliyonse.

Njira ya maola 24 ili ndi malire ake. Tsiku limodzi silisonyeza kadyedwe ka masiku onse, ndipo wodwala akhoza kuiwala kapena kuwonjezera. N'chifukwa chake katswiri amafunsanso wodikirira wodwala, amayang'ana zotsala m'mbale, ndipo amabwereza funsolo tsiku lina. Mayankho a wodwala akasemphana ndi miyezo, katswiri salemba dongosolo la chakudya kufikira atapeza chimene chikulepheretsa wodwalayo kudya.