Batani la ln Limodzi Likwanira Logarithimu Iliyonse

Mayi wasunga K100,000 kubanki pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pachaka, ndipo chaka chilichonse phindulo limawonjezedwa pa ndalama zakezo. Kodi padzapita zaka zingati kuti zifike K300,000? Chaka chilichonse ndalamazo zikuchulukitsidwa ndi 1.2, choncho funso lenileni ndi lakuti: 1.2 ichulukitsidwe yokhayokha kangati kuti ifike 3? Yankho lake ndilo limatchedwa logarithimu ya 3 pa besi 1.2.

Vuto ndi lakuti pa kakyuleta palibe batani la besi 1.2. Yomwe mayiyu ali nayo ili ndi `ln` yokha, logarithimu yomwe besi yake ndi e, nambala ya pafupifupi 2.718. Komatu batani limodzilo ndi lokwanira. Amangotenga `ln` ya nambala yomwe akufuna kufika, n'kuigawa ndi `ln` ya besi:

```
ln(3) ÷ ln(1.2)
1.0986 ÷ 0.1823 = 6.03
```

Njirayi imatheka chifukwa logarithimu imasandutsa kuchulukitsa kukhala kuphatikiza, khalidwe lomwe John Napier wa ku Scotland ankafuna pamene anasindikiza buku lake la malogarithimu mu 1614. Nthawi iliyonse ndalama zikachulukitsidwa ndi 1.2, `ln` yake imakwera ndi 0.1823. Kuti zichuluke katatu, iyenera kukwera ndi 1.0986. Zili ngati munthu wodziwa kutalika kwa msewu ndi kukula kwa phazi lake: akagawa ziwirizo, wadziwa mapazi omwe ati aponde.

Yankho liyenera kuyesedwa. Ikachulukitsidwa yokhayokha kasanu ndi kamodzi, 1.2 imapereka 2.986, kutanthauza kuti pakutha zaka 6 mayiyu adzakhala ndi ndalama zoposa K298,000. Zatsala pang'ono kukwana, monga 6.03 ikusonyezera. Ngati banki imaika phindu kamodzi pachaka, K300,000 idzapitiriridwa pakutha pa chaka cha 7.

Ambiri amapunthwa potembenuza nambala ziwirizi. Woika `ln(1.2)` pamwamba amapeza 0.166, ngati kuti ndalama zingachuluke katatu m'miyezi iwiri yokha. Ena amayamba agawa 3 ndi 1.2, kenako n'kudina `ln`, ndipo amapeza 0.916, yomwenso ndi yolakwika. Kudula manambala msanga nakonso kumasokoneza: wotenga 0.1823 ngati 0.2 amapeza 5.49, ndipo theka la chaka lasowa. Wokayika ayese kaye ndi nambala zomwe akuzidziwa kale. Popeza 2 × 2 × 2 ndi 8, `ln(8) ÷ ln(2)` iyenera kupereka 3.

Njirayi ili ndi malire ake. Kakyuleta imakana `ln` ya 0 kapena ya nambala yochepera 0. Besi 1 nayonso siitheka, chifukwa `ln(1)` ndi 0, ndipo palibe nambala yomwe ingagawidwe ndi 0. Izi n'zomveka ndithu, pakuti ndalama zopanda chiwongoladzanja zimachulukitsidwa ndi 1 chaka ndi chaka, ndipo K100,000 yotere siingafike K300,000.