Jenereta ya Petulo Kapena ya Dizilo?

Anthu ena a ku Nguludi afunsa kuti makina abwino ogula ndi ati pamene magetsi a ESCOM athima. Yambani mwawerenga katundu amene mufuna kuyatsa, chifukwa injini simwa mafuta molingana ndi nchito yake.

Tiyese munthu wa kantini ali ndi firiji, wailesi ya kanema ndi mababu, zonse pamodzi mawati 1,000. Jenereta ya petulo ya mawati 2,000 idzamwa pafupi lita imodzi pa ola, ndiye kuti malita 4 kuyambira 6 koloko madzulo kufikira 10 koloko. Akazima zonse nasiya mababu okha, idzamwabe ngati theka la lita, pakuti injini izungulira ndi liwiro lomwelo. Kumeneko nkutaya ndarama.

Ya dizilo ya mawati 5,000 ipereka mawati 2,500 ndi lita imodzi yomweyo, koma mtengo wake ngwokwera, ndipo siikonda katundu wochepa. Ikayenda masiku ambiri yopepukidwa, mudzaona mafuta akuda akudontha pa paipi ya utsi. Iyenera anthu a nchito yaikuru ya tsiku lonse. Wa kantini agule ya petulo.

Petulo wa m'Malawi asakanizidwa ndi ethanolo, amene akoka madzi, choncho musamsunge miyezi yambiri. Muikeni m'chigubu chachitsulo chotsekeka bwino, m'kanyumba kapadera. Mpweya wake ngwolemera, ukwawa pansi kufikira pa mbaula. Pothira mafuta, zimani injini, muidikire izizire.