Magetsi athima: chakudya cha mu jeleira chikhala maola angati?

Mwagula nkhuku ndi nsomba za pende, mwaika mu jeleira, kenaka magetsi athima. Choyamba, yang'anani nthawi ndipo muikumbukire. Chachiwiri, musatsegule chitseko, chifukwa mukatsegula mpweya wozizira umatuluka, wotentha n'kulowa.

Jeleira yotseka imasunga chakudya bwino kwa maola 4 okha. Konjeladori, imene imaumitsa chakudya kukhala gwa, imapirira nthawi yaitali. Ikakhala yodzaza imafika maola 48, ndiwo masiku awiri. Ikakhala ndi zinthu theka imafika maola 24. M'nyengo yotentha kwambiri, monga mmene kumakhalira ku Tete, maolawa akhoza kuchepa.

Tiyerekeze kuti magetsi athima 6 koloko madzulo. Maola 4 a jeleira atha 10 koloko usiku. Nthawiyi isanakwane, tsegulani kamodzi kokha. Ndiwo zophika idyani pa chakudya chamadzulo. Mkaka ndi nyama yaiwisi zisamutsireni mu konjeladori, nyamayo ikhale pansi m'mbale yake, kuti madzi ake asadonthere pa zakudya zina.

Tsono magetsi abwera 6 koloko m'mawa, patapita maola 12. Nkhuku ya mu konjeladori ikadali gwa, choncho ili bwino. Ngakhale itafewa pang'ono, ngati ili ndi timiyala ta madzi oundana, mukhoza kuiphika kapena kuiumitsanso. Koma mpunga wophika umene munauiwala mu jeleira tayani. Matimati, kabichi ndi zipatso zosadula zilibe vuto.

Musalawe chakudya kuti mudziwe ngati chili bwino. Tizilombo toyambitsa kusanza ndi kutsekula m'mimba sitisintha fungo kapena kukoma nthawi zonse. Kutenthetsanso sikuthandiza nthawi zonse, chifukwa tizilombo tina timasiya poizoni amene satha ndi moto. Ana, amayi apakati ndi okalamba ndi amene amadwala kwambiri.

Konzekerani magetsi akadalipo. Thirani madzi m'mabotolo apulasitiki, osadzaza mpaka kukamwa chifukwa madzi akamaundana amatukumuka. Aikeni m'mipata ya konjeladori. Magetsi akathima, mabotolowa amasunga kuzizira, ndipo ena mukhoza kuwaika mu jeleira pafupi ndi mkaka.

Nanga ngati magetsi anathima inu muli kumunda kapena kumaliro, n'kubweranso musanafike? Umitsani madzi m'kapu, muike ndalama yachitsulo pamwamba pake, ndipo kapuyo izikhala mu konjeladori. Mukapeza ndalama ili pansi pa kapu, dziwani kuti madziwo anasungunuka onse n'kuundananso. Nyama ndi nsomba nazonso zinasungunuka, ngakhale lero zikuoneka zouma gwa. Musazidye. Kutaya nkhuku kumawawa, koma mwana akadwala mudzataya zambiri.