Kuphungula mutu wa matenda a shuga kuti ukwane patsamba limodzi

M'mabuku a ophunzira zachipatala, mutu wa matenda a shuga umakhala wautali kwambiri. Umafotokoza mmene kapamba amapangira insulini, mitundu ya matendawa, mankhwala osiyanasiyana, ndi mmene maso, impso ndi mapazi zimawonongekera. Zonsezo n'zoona, koma dokotala wa pachipatala chaching'ono, panja pali mzere wa odwala, sangatsegule bukulo. Amafunika pepala limodzi lomuuza choyamba, chotsatira, ndi poti aime.

Ambiri akamafupikitsa amatsata mitu ya bukulo, n'kudula pang'ono ndime iliyonse. Chotuluka ndi buku lomwelo, longoonda. Njira yabwino ndi kufunsa chiganizo chilichonse kuti: kodi chikusintha zimene ndichite kwa wodwala uyu lero? Ngati ayi, chitsale m'buku. Zotsalazo musazisanje monga anazisanjira wolemba, koma motsatira ulendo wa wodwala. Sitepe iliyonse ikhale ndi zitatu: muyezo woiyambitsa, chochita, ndi tsiku loyezanso.

Tiyerekeze mayi wa zaka 52 amene wabwera ndi ludzu losatha komanso kukodza pafupipafupi. Sitepe yoyamba si mankhwala, koma kuona ngati ali pangozi. Ngati akusanza, akupuma mozama, wasokonezeka mutu, kapena mkodzo uli ndi makitoni ambiri, pepala limutumize kuchipatala chachikulu pompo. Buku limaika zimenezi chakumapeto, koma papepala ziyenera kukhala pamwamba penipeni.

Mayiyu alibe zizindikiro zoterozo. Shuga wake wa m'mawa, asanadye, wafika 11 mmol/L, pamene 7.0 kapena kuposa ndiye muyezo wa matendawa. Ayamba metifomini mamiligalamu 500 kamodzi patsiku, akumwera pa chakudya, pamodzi ndi uphungu wochepetsa nsima, kusiya zakumwa zotsekemera ndi kuyenda tsiku lililonse. Mlingo umakwezedwa pang'onopang'ono mpaka mamiligalamu 2,000 patsiku. Mawu akuti "pang'onopang'ono" musawadule. Mukangolemba mlingo womaliza, wina adzaupereka tsiku loyamba, mayiyo adzatsegula m'mimba, n'kutaya mapiritsi osauza aliyense.

Papita miyezi, ali pa mlingo wonse, koma shuga wa m'mawa akadali 9. Musanalembe mankhwala achiwiri, ikani kamzere kamene ofupikitsa amakonda kuiwala: kodi akumwadi? Mwina mankhwala anatha kuchipatala, mwina ndalama yoyendera inasowa. Ngati akumwa mokhulupirika, ndondomeko imene bungwe la zaumoyo padziko lonse linatulutsa mu 2020 imati awonjezere gilikilazaidi mamiligalamu 80, poyamba kamodzi patsiku, kenako kawiri. Zikakanikabe, ndiye jakisoni wa insulini, kuyambira mayunitsi 10 pogona.

Apa ndi pamene pamagona ngozi ya kufupikitsa. Masitepe amaoneka bwino akakhala osalala, ndipo dzanja limathamangira kufufuta mawu onse oyamba ndi "kupatula ngati". Komatu chitetezo cha wodwala chili m'mawu amenewo. Metifomini saperekedwa impso zikafooka kwambiri, ndiye kuti eGFR ikatsika pansi pa 30. Gilikilazaidi, makamaka mnzake gilibenikilamaidi amene zipatala zambiri zakhala zikupereka, amatha kugwetsa shuga mopitirira. Gogo amene wamwa piritsi koma wagona ndi njala akhoza kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, mpaka kukomoka. Shuga akatsika pansi pa 3.9, munthu akadali maso, apatsidwe madzi osungunuliramo shuga wa m'tiyi, kenako chakudya. Chenjezo lotere lilembedwe pambali pa dzina la mankhwalawo, osati m'timalemba ta pansi pa tsamba. Komanso mutu wa pepala unene poyera kuti ndi la akuluakulu a shuga wa mtundu wachiwiri. Mwana kapena wachinyamata amene wawonda mofulumira amafunika insulini kuyambira pachiyambi, ndipo mayi woyembekezera ali ndi ndondomeko yakeyake.

Palinso msampha wa manambala. Timakina tina toyezera timaonetsa mmol/L, tina mg/dL. Chulukitsani woyambayo ndi 18 kuti mupeze wachiwiriyo: 7.0 ndi 126, pamene 3.9 ndi 70. Wokopera "7" yekhayekha amasokoneza namwino amene kamakina kake kakuonetsa 160, choncho lembani miyezo yonse iwiri.

Pepala likatha, liyeseni. Mupatseni mnzanu amene sanawerenge mutuwo, mumufotokozere za mayi uja, kenako za gogo wa impso zofooka, muone ngati afike pamene buku likanamufikitsa. Akapatsa gogoyo metifomini, vuto ndi la pepala, ndipo pali mzere wofunika kubwezeretsa. Mulifananizenso ndi malangizo a unduna wa zaumoyo, chifukwa buku lolembedwa kunja lingatchule mankhwala amene m'famase yanu mulibe.