“Muli bwanji?” Kenako Zii: Uthenga Woyamba pa Mapulogalamu Opezera Chibwenzi

Foni yalira, ndipo Tinder yanena kuti anthu awiri asankhana. Mnyamata akulemba kuti “Muli bwanji?” Patapita maola angapo yankho likubwera: “Ndili bwino, kaya inu?” Iye akuti “Ndili bwinonso.” Macheza athera pomwepo, ndipo palibe amene walakwira mnzake.

Moni ndi chinthu chokwanira pachokha. Panjira kapena pamsika, anthu akalonjerana, zimene zawazungulira zimawapatsa nkhani: mvula yachedwa, minibasi yakwera mtengo, mwana ali kumbuyoyo wakula. Pafoni zonsezi palibe. Wolandira uthenga amaona mawu awiri okha, ndipo ngati ali mkazi, kawirikawiri amakhala kuti walandira mawu omwewo kuchokera kwa amuna ena angapo. Moni wopanda kanthu amamusiyira ntchito yonse yofuna chokamba ndi munthu amene sakumudziwa n’komwe.

Zimenezi zinayesedwapo. M’chaka cha 2009, kampani ya ku America ya OkCupid inasanthula mauthenga oyamba opitirira 500,000 amene anthu anatumizirana, ndipo inapeza kuti pafupifupi uthenga umodzi mwa atatu alionse ndi umene unkayankhidwa. Mauthenga oyamba ndi “hi”, “hey” kapena “hello” sankayankhidwa kwambiri. Chodabwitsa kwa amuna ambiri chinali chakuti mawu oyamikira thupi, monga “sexy” ndi “beautiful”, ankachepetsa mwayi wa yankho m’malo mouwonjezera. Amene ankayankhidwa bwino ndi omwe ankasonyeza kuti awerenga zimene mnzawoyo analemba, n’kutchula chinthu chenicheni chimene amakonda. Inde, anthuwo ankalemba Chingerezi ndipo papita zaka zambiri, koma chifukwa chake n’chomveka paliponse: munthu akauzidwa kuti ndi wokongola, yankho lake ndi “zikomo” basi, pomwe akafunsidwa za chinthu chimene iye mwini anasankha kuonetsa, amakhala ndi chonena.

Eni mapulogalamuwa akulidziwa vutoli. Pa Hinge, munthu sangokonda pulofayilo yonse mwachisawawa, amasankha chithunzi chimodzi kapena yankho limodzi la mnzakeyo n’kuikapo ndemanga. Bumble, imene inayamba mu 2014, inatchuka ndi lamulo lakuti mkazi ndiye ayambe kulemba pasanathe maola 24, ndipo akazi ambiri anazindikira msanga kuti kuyamba nkhani n’kovuta kwa aliyense. Mu 2024 kampaniyi inabweretsa Opening Moves, njira yoti mkazi aikiretu funso limene amene asankhana naye angayankhe.

Tiyerekeze pulofayilo ya mayi wina wa ku Blantyre. Zithunzi zake ndi zinayi: chimodzi ali paukwati atavala chitenje, ziwiri ndi za nkhope, ndipo chomaliza waima pamwala pa Dziwe la Nkhalamba, m’tsinde mwa phiri la Mulanje. Pansi walemba mzere umodzi wakuti Loweruka sakhala pakhomo.

Wolemba wofulumira amathamangira chithunzi cha paukwati: “Koma ndiye ndinu okongola bwanji.” Mwina n’zoona ndithu, koma uthengawu akanatha kuutumiza kwa akazi makumi awiri osasintha chilembo, ndipo wolandirayo akudziwa zimenezo. Wina amayesa kuonetsa chidwi mwa kuunjika mafunso: mumakhala kuti, mumagwira ntchito yanji, muli ndi ana angati, mumapemphera mpingo uti. Awa ndi mafunso a ankhoswe, ndipo nthawi yake sinakwane. Komanso mkazi wochenjera sauza mlendo kumene amakhala ndi kumene amagwira ntchito pa uthenga woyamba, choncho funso lotere limamukakamiza kunama kapena kukhala chete.

Chithunzi choyenera kugwira ndi chachinayi chija, chifukwa ndi chokhacho chimene chikufotokoza zimene mayiyo amachita. Uthenga wake ungakhale wotere: “Moni. Chithunzi chomalizacho ndi pa Dziwe la Nkhalamba eti? Ine nditapitako ndinangoviika phazi n’kuthawa, madzi aja kuzizira kwake! Inu munalimba mtima n’kusambamo?”

Moni alipo, sanatayidwe, koma watenga liwu limodzi lokha n’kupatsa malo nkhani. Chiganizo chachiwiri chikuonetsa kuti wolembayo wafika mpaka pachithunzi chomaliza. Chachitatu ndicho chimene ambiri amaiwala: wolembayo waperekako kanthu kake, ndipo kanthuko n’komuseketsa yekha, osati kodzitamandira. Kufunda kwa uthenga kumachokera pamenepa, chifukwa amene wavomera kuti anathawa madzi ozizira saopsa. Funso lomaliza ndi limodzi, losavuta, loti mayiyo akhoza kuliyankha ali pamzere ku banki, ndipo yankho lililonse limene angapereke libala nkhani ina. Akati anasambamo, pali chomusirira. Akati nayenso anathawa, awiriwo apeza choseka pamodzi.

Nanga ngati wolembayo sanapondeko ku Mulanje? Asanamizire. Bodza lotere limagwidwa pa uthenga wachitatu, mayiyo akangofunsa kuti anadzera njira iti kuchokera pa Likhubula. Kusadziwako ndi khomo labwino: “Malo amene mwajambulitsa pamwalapo ndi kuti? Ine Loweruka langa limathera pa kuchapa, mundithandize kopita.”

Pa nkhani ya ulemu, “inu” salakwika. Achinyamata a m’tauni ena amayamba ndi “bo?” ndipo pakati pa anthu a msinkhu umodzi zimatheka, koma “iwe” kwa munthu wosamudziwa amamveka ngati mwano. Mayina achikondi nawonso adikire. Woitana mlendo kuti “bebi” kapena “wokondedwa” walumpha masitepe onse, ndipo amafanana ndi akathyali amene amayamba ndi chikondi chotentha n’kumaliza ndi kupempha ndalama. N’chifukwa chakenso kupempha nambala ya WhatsApp pa uthenga woyamba kumathawitsa anthu: mkati mwa pulogalamu munthu akhoza kuchotsa kapena kunenera womuvutitsa mosavuta, pomwe nambala ikapita yapita.

Kutalika kwa uthenga sikuthandiza monga mmene ambiri amaganizira. Mu 2018, akatswiri awiri a pa yunivesite ya Michigan, Elizabeth Bruch ndi Mark Newman, anafalitsa kafukufuku wa mauthenga a anthu ofuna chibwenzi ku New York, Boston, Chicago ndi Seattle. Anapeza kuti anthu amalemba motalikitsa akamalembera munthu amene akufunidwa ndi ambiri, koma khama limenelo silinkawonjezera mayankho kwenikweni, kupatula ku Seattle. Ziganizo ziwiri mpaka zinayi n’zokwanira. Mbiri ya moyo wonse, ndi mmene chibwenzi chakale chinathera, zimamulemera wolandirayo, chifukwa amaona kuti nayenso ayenera kubweza kalata yonse.

Mapulofayilo ena amakhala opanda chogwira: nkhope imodzi, osalembapo kanthu. Apa chimene chimathandiza ndi funso losankha pakati pa zinthu ziwiri, monga “Tithetse mkangano wa kuntchito kwathu: chambo chowotcha kapena chokazinga?” N’lopepuka ndipo silifuna kuti munthu aulule zachinsinsi, ngakhale kuti silifika pa uthenga wochokera pa zimene mwiniwake anaika.

Ndiye pali nthawi imene uthenga wolembedwa bwino suyankhidwa. Zifukwa zake zambiri sizikhudza wolembayo: bandulo yatha, mwini pulofayilo anasiya kutsegula pulogalamuyo, kapena akucheza kale ndi wina. Patapita masiku angapo, kutumiza uthenga umodzi wina wopepuka, wokhala ndi nkhani yatsopano, si kulakwa. Koma “bwanji simukuyankha?” kapena “mumanyada eti?” amasandutsa kukhala chete kukhala mlandu, ndipo wolandirayo amangodina Unmatch, macheza onse n’kufufutika kwa onse awiri.