Mbuzi Ikayamba Kudya Chogwada, Yang'aneni Kuphazi

Mu Januwale ndi Febuluwale, mvula ikakhazikika, mbuzi zambiri za kumudzi zimakhala pachingwe kuti zisalowe m'minda. Zimaswera pamalo amodzimodzi, madzulo n'kukalowa m'khola lomwe pansi pake pasanduka matope osakanikirana ndi ndowe komanso mkodzo. Nthawi imeneyi ndi yomwe mumaona mbuzi kapena nkhosa ikutsimphina, ina mpaka kumadya msipu chogwada. Eni ake amafulumira kunena kuti yalasidwa ndi minga, kapena anyamata a pamunda wa anzawo aigenda. Zimenezo zimachitika ndithu, koma nyengo ya dzinja mlandu wambiri umakhala wa ziboda.

Igwireni mbuziyo, muiyedzamitse kukhoma, mupinde mwendo, mutsuke phazi ndipo mukanule zala ziwiri zija. Ngati khungu la pakati ndi louma, koma m'mbali mwa chiboda mwakula n'kupindikira pansi, nsonga n'kutalika, vuto ndi kukula kwa ziboda chabe. Chiboda chimakula ngati chikhadabo cha munthu. Mbuzi yoyenda m'miyala imachiperesa yokha, pamene ya pachingwe, yoponda pofewa, ilibe choperesera. Mukapeza khungu la pakatipo lafiira, lanyowa, ubweya wathothoka, ndiye kuti tizilombo tayamba kale ntchito. Chiboda chikamakanganuka kuyambira kuchidendene, pansi pake pali zotuwa zamanyezi zonunkha, kumeneko ndiye kuwola kwenikweni. Fungo lake silisowa. Mphuno imadziwa maso asanaone.

Tizilombo ta matendawa tilipo tiwiri. Koyamba, Fusobacterium necrophorum, kamapezeka m'ndowe, choncho palibe khola lomwe kamasowa. Kamalowa pakhungu lomwe lafewa ndi chinyontho n'kutsegula njira. Kachiwiri, Dichelobacter nodosus, ndi komwe kamadya chiboda. Aka moyo wake uli kuphazi la chiweto, ndipo panthaka sikapirira kupitirira masabata awiri. Ndiye kuti matendawa samera okha m'matope. Amabwera ndi miyendo: tonde wobwereka, kapena mbuzi yogula pamsika yomwe mwangoilowetsa m'khola tsiku lomwelo.

Tiyerekeze kuti muli ndi mbuzi zisanu ndi zitatu. Ziwiri zikutsimphina, ndipo imodzi mwa izo, yolemera makilogalamu 30, phazi lake likununkha. Musayang'ane ziwirizo zokha. Tembenuzani mapazi a zonse, kuyambira zooneka zabwino, zodwala pomaliza, kuti mpeni usanyamule tizilombo.

Zomwe ziboda zake zangokula ziwengeni. Sizasi yodulira nthambi za mitengo ya zipatso imagwira bwino, koma mpeni wakuthwa nawonso umatha, bola muziseta moloza kutali ndi dzanja lanu. Yambani mwachotsa matope ndi kamtengo. Dulani mbali yopindikira ija mpaka ifanane ndi pansi pa phazi, kenako mufupikitse nsonga. Chidendene chikhudzeni pokhapokha ngati chatalika kuposa pansi pa phazi. Cholinga n'chakuti pansi pakhale mopanda zitunda, ndipo mzere wake uyende mofanana ndi mzere womwe ubweya umathera pamwamba pa chiboda. Setani pang'onopang'ono. Mukaona poyera paja payamba kufiirira, lekani, magazi ali pafupi. Chiboda chomwe chalekereredwa nthawi yaitali sichiwongoka tsiku limodzi, mudzabwerezanso pakapita masabata awiri kapena atatu.

Pa mbuzi yonunkha phazi ija m'pamene ambiri amalakwitsa. Kale ankaphunzitsa kuti chowola chonse chisemedwe mpaka pofiira kuti mpweya ulowe. Masiku ano akatswiri a nkhosa apeza kuti kusema koteroko kumachedwetsa kuchira, ndipo kukatulutsa magazi nthawi zina pamatuluka kanyama kofiira kosapola msanga. Ine ndimati pa phazi lowola mpeni ungochotsa kachidutswa kolendewera komwe kakusunga matope, basi. Chochiza ndi jakisoni. Wopezeka kwambiri ndi okisitetirasayikilini wokhalitsa m'thupi, amene botolo lake limalembedwa LA 20%. Mlingo wake ndi mililita imodzi pa makilogalamu 10 aliwonse, kubaya mumnofu, kotero mbuzi yathuyi ilandira mamililita atatu. Ntchitoyi ndi ya mlangizi wa ziweto, ndipo iyeyo akuuzeni masiku oyenera kudikira musanaiphe kapena kumwa mkaka wake. Kuthamangira nayo kwa ogulitsa kanyenya mawa lake ndi kudyetsa anthu mankhwala.

Kenako gulu lonse liviikidwe mapazi. Mankhwala abwino pa ntchitoyi ndi zinki salufeti, kilogalamu imodzi m'malita 10 a madzi. Kwa mbuzi zochepa chonchi theka la kilogalamu m'malita asanu likwana. Thiranimo sopo wamadzi pang'ono kuti mankhwala alowerere, ndipo takasani mpaka asungunuke. Beseni lalikulu la pulasitiki, kapena chigubu cha malita 20 chochekedwa chamlitali, chimakwanira. Pansi yalani chiguduli kuti mbuzi isaterereke. Madzi amize chiboda chonse mpaka poyambira ubweya. Mapazi atsukidwe kaye ndi madzi wamba. Yodwala iime m'menemo mphindi 15 mpaka 30. Kungoidutsitsa n'kutaya ndalama. Ikatuluka iime pouma, pasimenti kapena pamiyala, kwa theka la ola kuti mankhwala aumire kuphazi. Bwerezani kamodzi pa sabata, katatu kapena kanayi.

Zinki akasowa ena amagwiritsa kopa salufeti, wabuluu uja. Amagwira, koma nkhosa ikamwa madzi ake imatha kufa, ndipo amadya ndowa zachitsulo. Fomalini ndi woopsa kwa munthu, amalasa m'maso ndi m'mphuno, amawawanso kwambiri pachilonda. Oyilo wakuda wa galimoto, yemwe ena amapaka, sachiza kanthu.

Zonsezi zimapita pachabe ngati mbuzi zibwerera m'matope omwe aja. Palani khola, thirani mchenga wouma, konzani pomwe denga likudontha. Khola la m'mwamba, lokhala ndi mipata pansi yogwetsa ndowe, limachepetsa vutoli kwambiri. Chikhomo cha chingwe chisamukire kumtunda, pomwe sipanaponde mbuzi kapena nkhosa kwa masabata awiri, osati kudambo. Zodwala zigone pazokha.

Pakatha masiku ochepa chilandirireni jakisoni, mbuzi ija iyenera kuyamba kuponda, fungo n'kuchepa. Ngati sizikusintha, yang'ananinso. Nkhupakupa yobisala pakati pa zala imatsimphinitsa chimodzimodzi. Chala chimodzi chikatupa, chikatentha, mafinya n'kumatulukira pamwamba pa chiboda, chimenecho ndi chithupsa cha m'kati, chofuna mlangizi. Ziweto zambiri zikatsimphina nthawi imodzi, zina zili ndi matuza m'kamwa, ng'ombe za pafupi zikuchucha dovu, musasunthe chiweto chilichonse ndipo kaneneni msanga ku ofesi ya zaulimi, chifukwa akhoza kukhala matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi.

Pali mbuzi zina zomwe zimachira n'kuyambiranso, dzinja lililonse. Zoterozo zimasunga tizilombo m'ming'alu ya chiboda n'kumagawira zinzake. Ikabwereza kawiri kapena katatu, dikirani masiku a mankhwala athe, ipite ku ndiwo, osati kwa mnzanu woti akawete. Yatsopano yobwera m'malo mwake ikhale payokha pafupifupi mwezi, muitembenuze mapazi ndi kuiviika isanasakanikirane ndi zinzake.